Nambala 39 ili kuti? Kalata yomwe mkonzi amalemba kafukufuku asanasindikizidwe

Munthu akamaliza kafukufuku n'kutumiza zomwe wapeza ku magazini ya akatswiri, amadikira miyezi. Akatswiri anzake awiri kapena atatu, omwe kawirikawiri sawadziwa n'komwe, amawerenga, kutsutsa apa ndi apo, n'kumubwezera kuti akonze. Tsiku lomwe uthenga woti nkhani yavomerezedwa wafika, amapuma kuti watula katundu. Koma pakapita masabata angapo pamabwera kalata ina yochokera kwa mkonzi. Ilibe chiyamikiro, ilibenso mtsutso wa nzeru zakuya. Yangodzaza manambala, zaka ndi masamba, ndipo ikufuna yankho m'masiku ochepa.

Kalatayi imakamba za marefarensi, kutanthauza zolemba za anthu ena zomwe mlembi watsamirapo. Mu nkhani ya kafukufuku, mfundo iliyonse yomwe mlembi sanaipeze yekha imayenera kuloza komwe yachokera. Kalozerayo amaoneka pawiri. Mkati mwa nkhani mumakhala kachizindikiro kakafupi, pomwe kumapeto kumakhala mndandanda wopereka mayina a olemba, mutu, dzina la magazini, chaka, voliyumu ndi masamba. Ntchito ya kalata ya mkonzi ndi kuonetsa malo omwe mbali ziwirizi zasemphana. Zili ngati mlandu wa pabwalo la mfumu: pali mboni yomwe yatchulidwa koma sinabwere, pali ina yabwera koma palibe waitana, ndiye pali ina yaimirira m'malo mwa mnzake n'kumafotokoza za mlandu wina.

Zizindikiro za m'nkhani zimalembedwa m'njira ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi ya dzina ndi chaka, yomwe ambiri amaitcha Harvard, ndipo malamulo a APA omwe ophunzira athu a m'mayunivesite amalimbana nawo ali m'gulu lomweli. Ina ndi ya manambala, yotchedwa Vancouver chifukwa akonzi a magazini azachipatala anagwirizana za iyo pamsonkhano wa mumzinda wa Vancouver ku Canada mu 1978. Mu njira iyi, cholemba choyamba kutchulidwa m'nkhani chimakhala [1], chachiwiri [2], mpaka kumapeto, ndipo mndandanda umatsata dongosolo lomwelo. Imasunga malo komanso siidodometsa wowerenga. Vuto lake n'lakuti nambala payokha siinena kanthu. Ikalakwika, diso limangodutsa.

Mafunso asanu

Tiyerekeze kuti dokotala wina walemba nkhani ya malungo a mu ubongo mwa ana, watsata njira ya manambala, ndipo mndandanda wake uli ndi marefarensi 38. Kalata ya mkonzi ingabwere motere. Zilembo za AQ zomwe zimaoneka m'makalata otere zimangosonyeza kuti ili ndi funso kwa mlembi.

"Wokondedwa Dokotala, tisanapereke nkhani yanu kwa osindikiza, chonde tithandizeni pa mfundo izi. AQ1: Pa tsamba 11 mwatchula [39], koma mndandanda wanu wathera pa 38. AQ2: Refarensi 7 ili pa mndandanda koma sitinaione paliponse m'nkhani. Itchuleni pamalo pake kapena ichoke. AQ3: Pa tsamba 4 mukunena za muyeso wa kukomoka wa Blantyre n'kuika [14], koma 14 pa mndandanda ndi Laufer ndi anzake, 2006, yomwe mutu wake ukukamba za kolorokwini. Kodi ndi yomweyi mumafuna? AQ4: M'nkhani mwati lipoti la DHS la 2016, pa mndandanda mwalemba 2017. Cholondola ndi chiti? AQ5: Masamba a refarensi 13 mwalemba 411-59, pomwe PubMed ikuonetsa 441-59. Tsimikizani."

Mlembi wotopa amaona timavuto tisanu tosiyana, ndipo amafuna kuthana nato chakudya chamasana chisanakwane. Koma funso loyamba ndi lachitatu ali ndi muzu umodzi, ndipo muzuwo wayala pansi pa nkhani yonse.

Muyeso wa kukomoka wa Blantyre ndi njira yomwe madokotala amaonera kuti mwana wodwala wakomoka motani, poyang'ana mmene akusunthira akamva ululu, mmene akulirira ndi mmene maso ake akutsatira zinthu, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Unafotokozedwa ndi Molyneux, Taylor, Wirima ndi Borgstein mu 1989, m'magazini ya Quarterly Journal of Medicine, voliyumu 71, pa kafukufuku wa ana 131 a ku Malawi. Pa mndandanda wa dokotala wathuyu, nkhani imeneyi ilipo ndithu, koma ili pa 13. Yomwe ili pa 14 ndi ya Laufer ndi anzake, ya mu New England Journal of Medicine ya 2006, yomwe inaonetsa kuti kolorokwini anali atayambanso kugwira ntchito ku Blantyre patapita zaka dziko la Malawi litamusiya mu 1993. Zonse ziwiri ndi nkhani zenizeni, zonse ndi za malungo, zonse ndi za ku Blantyre. Kungoti imodzi yakhala pampando wa inzake.

Nanga zinatheka bwanji? Nambala ya m'nkhani yaposa ya pa mndandanda ndi imodzi, ndipo kumapeto nakonso 39 yaposa 38 ndi imodzi. Zizindikiro ziwirizi zikaonekera pamodzi, mkonzi wozolowera amadziwa kale chomwe chachitika. Nthawi yomwe akatswiri ounika anabweza nkhani ija, mmodzi anapempha kuti mlembi atchuleko kafukufuku wina. Mlembi analowetsa chiganizo chatsopano, n'kuchipatsa [13], n'kukankha manambala onse otsatira ndi dzanja: 13 yakale inakhala 14, 14 inakhala 15, mpaka 38 inakhala 39. Ntchito yotopetsa imeneyi anaigwira bwino. Chomwe anaiwala ndi kulowetsa refarensi yatsopanoyo pa mndandanda wa kumapeto. Ndiye kuti kuyambira pa 13 mpaka 39, manambala 27 onse akuloza polakwika.

Mkonzi waona awiri okha mwa 27 amenewa. Wa 39 wagwidwa ndi masamu wamba. Wa 14 wagwidwa chifukwa chiganizo chinatchula kukomoka pomwe mutu wa refarensi ukutchula mankhwala, kusemphana koonekera ngakhale kwa munthu yemwe si dokotala. Ena 25 aja abisala chifukwa mndandanda wonse ndi wa malungo, ndipo chiganizo cha malungo chikaloza nkhani ina ya malungo, palibe chodabwitsa pa maso.

Apa ndi pomwe pali msampha. Mlembi wofulumira asintha [39] kukhala [38], asintha [14] kukhala [13], abweza kalata kuti zakonzedwa. Ziwirizo zakhaladi bwino, koma zina 25 zatsala momwemo, ndipo tsopano chizindikiro chomwe chikanaulula vutolo chafufutika, chifukwa nkhani ndi mndandanda zonse zathera pa 38. Wowerenga yemwe adzafune kudziwa komwe chiwerengero cha imfa za ana chachokera adzatsata nambala n'kukafika pa nkhani yomwe ilibe chiwerengerocho. Adzaganiza kuti mlembi ananama, kapena, choipa kwambiri, adzakopera nambalayo osayang'ana.

Funso lachiwiri, la refarensi 7 yopanda mwini, nthawi zambiri limachokera ku ndime yomwe inadulidwa pofupikitsa nkhani. Ndime inapita, refarensi inatsala. Olemba ena amachita ulesi woti angoipezera chiganizo chilichonse chapafupi n'kuimatapo [7], kuti asavutike ndi kusintha manambala. Kwa ine iyi ndiye njira yoipa kuposa zonse, chifukwa kulakwitsa kwangozi kwasanduka umboni wabodza woikidwa dala. Ngati palibe mfundo yomwe ikutsamira pa refarensiyo, ichoke. Ikachoka, 8 mpaka 12 zimatsika kukhala 7 mpaka 11, yoiwalika ija imalowa pa 12, Molyneux amabwerera pa 13, ndipo mndandanda umathera pa 38 monga kale. Taonani kuti chiwerengero chomaliza chafanana ndi choyamba ngakhale zamkati zasintha. N'chifukwa chake kuwerenga kuti alipo angati sikokwanira. Munthu amayenera kuyenda kawiri: kuchoka m'nkhani kupita pa mndandanda, chizindikiro chimodzichimodzi, kenako kuchoka pa mndandanda kubwerera m'nkhani.

Wina anganene kuti masiku ano mapulogalamu a pakompyuta monga Zotero, EndNote ndi Mendeley amasanja manambala okha. N'zoona, bola ulusi wolumikiza chizindikiro ndi mndandanda usaduke. Koma magazini ambiri amapempha kuti mlembi achotse ulusiwo asanatumize fayilo, kuti zilembo zikhale wamba. Ena amatumizirana fayilo pakati pa olemba asanu, wina ali ndi pulogalamuyo, wina alibe. Kusintha kulikonse kochitika ulusi utaduka ndi kwa dzanja, ndipo mavuto ambiri a mtundu uwu amabadwira pamenepo.

Chaka chiti?

Funso lachinayi n'losavuta, koma limabwera mobwerezabwereza kwa olemba za Malawi. Kafukufuku wa DHS, wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu, yemwe ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita, dzina lake lili ndi zaka 2015-16 chifukwa ndi nthawi yomwe anthu anayenda m'makomo kufunsa mafunso. Lipoti lake linatuluka mu 2017. Refarensi imatenga chaka chomwe chikalata chinasindikizidwa, ndiye 2017 ya pa mndandanda ndi yolondola, ndipo chofunika kukonza ndi chiganizo cha m'nkhani. Chimodzimodzi kalembera wa anthu wa 2018, yemwe lipoti lake lalikulu ndi la 2019.

Kwa otsata njira ya dzina ndi chaka, kusemphana kwa chaka kumapweteka kwambiri, popeza chakacho ndi theka la adiresi. Kwathu kuno kumaonjezekera vuto la mayina ofanana. Nkhani imodzi ikhoza kutchula a Banda awiri kapena a Phiri atatu osiyana, onse olemba m'chaka chimodzi. Mkonzi amafunsa kuti ndi uti, ndipo yankho ndi kuika zilembo zoyamba za mayina awo. Ngati ndi munthu mmodzi yemwe analemba ziwiri m'chaka chomwecho, zimasiyanitsidwa ndi 2015a ndi 2015b, m'nkhani ndi pa mndandanda pomwe.

Kulakwitsa kobwereka

Funso lachisanu likuoneka lachabe kuposa onse: 411 m'malo mwa 441. Mkonzi analipeza bwanji? Magazini ambiri amadutsitsa mndandanda m'makina omwe amafananiza refarensi iliyonse ndi nkhokwe zazikulu monga PubMed, ya laibulale ya zachipatala ya boma la America, kapena Crossref, bungwe lomwe linayamba ntchito mu 2000 ndipo limasunga manambala a DOI. Nambala ya DOI imayamba ndi 10 ndi kadontho, ndipo imaloza cholemba chimodzi chokha. Mwachitsanzo, nkhani ya Watson ndi Crick ya 1953 yofotokoza kapangidwe ka DNA ili ndi `10.1038/171737a0`, ndipo aliyense akailemba pa doi.org amafika pa nkhaniyo. Refarensi yomwe yakana kugwirizana ndi nkhokwe imaikidwa chizindikiro, munthu n'kuiyang'ana. Makinawa amathera pomwe nkhokwe zathera. Malipoti ambiri a maunduna, timabuku ta mabungwe ndi zolemba za ophunzira omaliza digiri zilibe DOI, ndiye kwa izi mkonzi amadalira mlembi kuti atsegule chikalata chenicheni n'kuona tsamba loyamba.

Nambala ya tsamba ikalakwika, mwina ndi chala chinaterereka. Koma mwinanso mlembi sanaione n'komwe nkhaniyo, anangokopera refarensi pa mndandanda wa munthu wina, pamodzi ndi chilema chake. Akatswiri awiri a ku yunivesite ya California ku Los Angeles, Simkin ndi Roychowdhury, anafufuza zimenezi potsata zilema zobwerezedwa m'marefarensi a nkhani ina yotchuka ya fizikisi ya 1973. Anapeza kuti chilema chimodzi chomwecho chimaoneka mwa olemba ambirimbiri osadziwana, zomwe sizingachitike mwangozi. Mwa masamu awo, anayerekeza kuti mwina mmodzi yekha mwa asanu otchula nkhani ndi amene amaiwerengadi. Chiwerengerocho ndi choyerekeza ndipo munthu akhoza kuchitsutsa, koma njira yomwe anagwirira akuba ndi yomwe akonzi amaidziwa bwino.

Nkhani yoseketsa pa zonsezi inayambira ku Prague mu 1887. Dokotala wina, Jaroslav Hlava, analemba m'Chitcheki za kafukufuku wake wa matenda a kamwazi, ndipo mutu wake unayamba ndi mawu oti "O úplavici", kutanthauza "Za kamwazi". Dokotala wina wa ku Alexandria, Kartulis, polemba chidule chake m'magazini ya Chijeremani, dzina la Hlava linasowa, ndipo mutu uja unakhala pamalo a dzina. Kunabadwa katswiri wotchedwa O. Uplavici. Kwa zaka 50 olemba a m'mayiko osiyanasiyana ankamutchula ngati munthu yemwe anachita kafukufukuyo, mpaka buku lina la mndandanda ku America linamupatsa udokotala. Munthu yemwe anamuika m'manda ndi Clifford Dobell wa ku Britain, yemwe mu 1938 anafufuza chikalata choyambirira n'kulemba m'magazini ya Parasitology mbiri ya moyo wa dokotala yemwe sanabadwepo. Onse omwe anatchula Dokotala Za Kamwazi anali ndi marefarensi ogwirizana bwinobwino pakati pa nkhani ndi mndandanda.

Lamulo lake pano n'lachidule. Ngati chikalata choyambirira sichikupezeka, kapena chili m'chinenero chomwe mlembi sachimva, anene poyera kuti mfundoyo waitenga kudzera mwa wakutiwakuti, ndipo pa mndandanda aike chomwe anawerengadi.

Poyankha kalata ya mkonzi, dokotala wathu uja ayankhe funso lililonse pa nambala yake, osangoti zonse zakonzedwa. Pa AQ1 ndi AQ3 afotokoze kuti refarensi ina inaiwalika, apereke zonse za iyo, ndipo anene kuti manambala onse kuyambira pa 7 wawaunikanso limodzilimodzi. Pa AQ2 anene kuti yachoka. Pa AQ4 apereke chiganizo chatsopano. Pa AQ5 atsegule nkhani ya Molyneux yeniyeniyo, aone kuti ikuyambadi pa 441, ndipo poti waitsegula kale, awerengenso ndime yomwe akutsamirapo. Asaiwale matebulo ndi mawu a pansi pa zithunzi, chifukwa manambala obisala m'menemo ndi omwe amatsalira anzawo akasintha. Magazini ena amafunsanso ngati pa mndandanda pali nkhani yomwe inachotsedwa ndi magazini yomwe inaisindikiza, monga ija ya Wakefield ya 1998 yonamizira katemera wa chikuku, yomwe The Lancet inaichotsa mu 2010. Nkhani yotere ikhoza kutchulidwa, koma pokhapokha mlembi atanena kuti inachotsedwa.

Chomwe kalatayi siingagwire

Mafunso onse asanu aja akufunsa ngati adiresi ili yolondola. Palibe lomwe likufunsa ngati munthu wa pa adiresiyo ananenadi zomwe akumunenera. Mkonzi wa zolembedwa sangawerenge nkhani 38 pa mlembi aliyense, ndipo makina ofananiza mayina, zaka ndi masamba saona ngati mfundo yapotozedwa.

Mu Januwale 1980, New England Journal of Medicine inasindikiza kalata ya ziganizo zisanu yolembedwa ndi Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston. Anati mwa odwala 11,882 ogonekedwa m'chipatala omwe analandirako mankhwala amphamvu opha ululu, a m'gulu la mofini, anapeza anayi okha omwe zolemba zinaonetsa bwino kuti anazolowera mankhwalawo mpaka kulephera kuwasiya. Awa anali odwala a m'wodi, olandira mankhwala pamaso pa madokotala ndi anamwino. Kalatayo sinanene chilichonse za munthu womwa mapiritsi otere kunyumba kwa miyezi kapena zaka.

Koma m'zaka zotsatira, olemba ambiri anaitchula ngati umboni woti mankhwalawa sazolowereka kawirikawiri, ndipo mfundoyo inathandiza kulimbikitsa madokotala a ku America kuwapereka momasuka kwa anthu a ululu wokhalitsa. Mu 2017 gulu la akatswiri a ku Canada linawerenga zolemba 608 zomwe zinatchula kalatayi. Linapeza kuti pafupifupi 72 pa 100 zilizonse zinaigwiritsa ntchito ngati umboni woti kuzolowera n'kosowa, ndipo pafupifupi 81 pa 100 sizinanene n'komwe kuti odwalawo anali ogonekedwa m'chipatala. Refarensi ya Porter ndi Jick ikhoza kulembedwa dzina lolondola, chaka cholondola, voliyumu 302, tsamba 123, n'kudutsa pa kauniuni wa mkonzi popanda funso ngakhale limodzi, chiganizo chomwe chatsamira pa iyo chili chopotoka. Chaka chomwecho cha 2017, akonzi a magaziniyo anaika chenjezo pamwamba pa kalata ya 1980 ija, lodziwitsa owerenga kuti yakhala ikutchulidwa kwambiri, mopanda kuiunika, ngati umboni wa mfundo imeneyo.